Cash Out: tikiti ikagulitsidwa mpira usanathe, amadya ndani?

Kumayambiriro kwa Malichi 2016, bambo wina wa ku England anali ndi tikiti yomwe obetcha ambiri amangoilota. Ligi isanayambe, iye anali ataika mapaundi 50 ku kampani ya Ladbrokes kuti Leicester City itenga chikho cha Premier League. Timuyi inali itangopulumukira mkamwa mwa mbuzi kuti isatuluke mu ligi, ndipo makampani ankalonjeza mapaundi 5,000 pa paundi iliyonse kwa munthu wolimba mtima chonchi. Koma pofika Malichi anyamata a Claudio Ranieri anali pamwamba ndi mapointi 57, Tottenham ili pambuyo ndi 54, kutatsala masewero khumi. Leicester ikanangopirira mpaka kumapeto, tikitiyo ikanabala mapaundi 250,000.

Kampani inamuuza kuti ikhoza kumpatsa mapaundi 72,000 pompo, nkhani n'kuthera pomwepo. Bamboyo anavomera. Pa 2 Meyi Chelsea inafanana mphamvu ndi Tottenham 2-2, Leicester inakhala akatswiri, ndipo mapaundi 178,000 omwe akanalowa m'thumba mwake anatsala ku kampani.

Ambiri akamva nkhaniyi amati bamboyo analibe mtima. Kuweruza kotere n'kosavuta chifukwa aliyense akudziwa mmene ligi inathera. Funso lothandiza ndi lina: pa tsiku lomwe ankasankha, tikitiyo inali ya ndalama zingati, nanga anapatsidwa zingati? Funso lomweli limafunika kwa mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Kawale yemwe wayang'anitsitsa foni Loweruka madzulo, batani lolembedwa Cash Out likusinthasintha manambala, mpira uli mphindi ya 70.

Kampani ikugula tikiti yomwe inagulitsa yokha

Kashiauti ndi malonda. Kampani yomwe inagulitsa tikiti ikubweranso kudzaigula zotsatira zisanadziwike, ndipo mtengo ikutchula ndi iyo. Zili ngati venda amene amafika m'munda chimanga chikadali chachiwisi n'kunena kuti agula munda wonse lero: mlimi amachoka pa nkhawa ya ng'amba ndi akuba, koma vendayo sanabwere kudzathandiza. Wawerengera kale kuti pa minda yambiri yomwe agule mwanjira iyi, phindu likhala lake.

Mchitidwewu unayambira m'misika yomwe obetcha amabetcherana okhaokha, monga Betfair yomwe inatsegulidwa mu 2000 ku Britain. Kumeneko munthu yemwe wabetcha kuti timu ipambana ankatha kubetchanso pakati pa masewero kuti sipambana, kotero kuti apeze kenakake mulimonse mmene zithere. Zinkafuna masamu ndi changu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010 makampani anaika masamu onsewo pansi pa batani limodzi, ndipo lero batanilo likupezeka pa mafoni a obetcha ambiri, kuphatikizapo kuno kwathu. Anyamata okonda kandege amadziwanso mawu omwewa, koma kuja ndi masewera ena: palibe tikiti yogulitsa, pali kungolumpha ndege isanathawe.

Kuti munthu aone pomwe kampani imadyera, ayenera kuyamba ndi maodzi. Manambala otsatirawa ndi ongopeka kuti masamu aoneke, koma ndi amtundu womwe wobetcha aliyense amauona sabata ndi sabata. Masewero ena, timu ya pakhomo yapatsidwa 2.00, kufanana mphamvu 3.40, alendo 3.60. Odzi iliyonse imanena mwayi: kugawa 100 ndi 2.00 kumapereka 50, kugawa ndi 3.40 kumapereka pafupifupi 29, kugawa ndi 3.60 pafupifupi 28. Mpira ungathe m'njira zitatu zokhazi, choncho mwayi wonse pamodzi umayenera kukwana 100. Koma apa ukukwana 107. Zisanu ndi ziwiri zapamwambazo ndiye chakudya cha kampani, ndipo zimabisala mu odzi iliyonse.

Munthu waika K10,000 pa alendo. Akapambana alandira K36,000. Tikachotsa chakudya cha kampani, mwayi weniweni wa alendowo uli pafupi ndi 26 pa 100, ndipo 26 pa 100 ya K36,000 ndi ndalama yoposa pang'ono K9,300. Ndiye kuti tikiti yomwe wagula K10,000 mtengo wake weniweni ndi K9,300. Wadulidwa kale kamodzi woimbira asanaimbe wezulo. Uku ndi kudula komwe wobetcha aliyense amalipira, kaya adzadina batani kaya ayi.

Tsopano alendo achinya, ndipo mpira wafika mphindi ya 60 ali patsogolo 1-0. Maodzi asintha: alendo 1.50, kufanana mphamvu 3.60, apakhomo 7.50. Masamu aja akabwerezedwa akupereka pafupifupi 67, 28 ndi 13, zonse pamodzi 108. Kuchotsa zapamwambazo, alendo atsala ndi mwayi wa 62 pa 100. Choncho tikiti ija pa mphindi imeneyi ndi ya pafupifupi K22,300. Kutanthauza kuti anthu 100 atakhala ndi matikiti otere m'masewero osiyanasiyana n'kudikira onse mpaka mapeto, 62 angadye K36,000 aliyense, 38 angabwerere chimanjamanja, ndipo ndalama zonsezo zitagawidwa mofanana aliyense angatenge K22,300.

Batani likuonetsa K20,500.

Kwa munthu yemwe anaika K10,000 nambalayi ndi yokoma: ndalama yawirikiza kawiri mpira usanathe. Diso limayerekeza K20,500 ndi K10,000 yomwe inatuluka m'thumba, osati ndi K22,300 yomwe tikiti ili nayo, chifukwa nambala yachiwiriyi silembedwa paliponse pa foni. Kusiyana kwake ndi K1,800, pafupifupi 8 pa 100 ya mtengo wa tikiti. Kumeneko ndi kudulidwa kwachiwiri, ndipo taonani kuti n'kokulirapo kuposa koyamba kuja kwa K700, popeza kukuwerengedwa pa tikiti yomwe yakula.

Chifukwa chake n'chakuti kudina batani ndi kubetchanso, ngakhale wodinayo saona choncho. Yemwe wagulitsa tikiti ya alendo wachita chimodzimodzi ndi munthu wobetcha kuti alendo sapambana. Beti yachiwiri imeneyi nayo ili ndi chakudya cha kampani mkati mwake, ndipo kawirikawiri kampani imaonjezerapo kena pamwamba, komwe siilengeza.

Izi zikhoza kuyesedwa ndi manja. Pa masewero omwewo pali msika wa Double Chance, pomwe munthu amabetcha kuti apakhomo apambana kapena mpira uthera kufanana mphamvu. Tinene kuti ukulipira 2.40. Mwini tikiti uja akaika K15,000 pamenepo, ndiye kuti alendo akapambana alandira K36,000 pa tikiti yoyamba, akapanda kupambana alandira K36,000 yomweyo pa tikiti yachiwiri. Kuchotsa K15,000 yomwe waonjezera, atsala ndi K21,000 mulimonse mmene zikhalire. Wapeza K500 kuposa ya batani, pa kampani yomweyo, pa mphindi yomweyo. Ngati kampani ina ikulipira 2.55 pa msika womwewo, angafunike kuika K14,100 yokha n'kutsala ndi pafupifupi K21,900. Njira yowerengera ndi yachidule: gawani ndalama yomwe tikiti ingabale ndi odzi ya mbali yotsutsana nayo, yankholo ndiyo ndalama yoika, ndipo yotsala mukaichotsa ndiyo yoyerekeza ndi ya batani.

Palinso kuyesa kosafuna masamu. Munthu abetche, kenako ayang'ane batanilo nthawi yomweyo, mpira usanayambe, maodzi asanasunthe. Nthawi zambiri apeza kuti K10,000 yake yasanduka K9,500 kapena kucheperapo. Palibe wavulala, palibe wachinya. Kusiyanako ndi mtengo wa batani, woonekera poyera.

Tikiti yayitali, mwendo womaliza

Obetcha ambiri kuno sabetcha masewero amodzi. Amalumikiza asanu ndi atatu, khumi, ena makumi awiri pa tikiti imodzi ya K500 kapena K1,000, ndipo apa mpamene kashiauti imakolola kwambiri. Pa tikiti yayitali chakudya cha kampani sichiphatikizidwa, chimachulukitsidwa. Ngati mwendo uliwonse wadulidwa 7 pa 100, miyendo isanu imasiya tikiti ili ndi 70 pa 100 yokha ya mtengo wake. Yemwe akugulitsa tikiti kutatsala miyendo ingapo amagulitsa pa mtengo womwe kampani yawerengera ndi mpeni womwewo pa mwendo uliwonse wotsala.

Koma chochitika chodziwika ndi cha mwendo womaliza. Tikiti ya K1,000 ili ndi masewero asanu ndi atatu ndipo ingabale K400,000. Asanu ndi awiri alowa Loweruka ndi Lamlungu. Atsala amodzi a Lolemba usiku, timu yayikulu pa 1.60. Tsiku lonse la Lolemba batani likuonetsa K215,000, ndipo anzake akumuimbira foni: “Aise, tenga ndalamayo, timu imeneyo ndi yosadalirika.”

Mbali yotsutsana ikulipira 2.30, choncho mwayi weniweni wa timuyo uli pafupi ndi 59 pa 100 ndipo tikitiyo ndi ya K236,000. Batani lachotsapo K21,000. Koma pali nambala ina yomwe ndi yowawa kuposa iyi. Munthuyu akanapanda kuika mwendo wachisanu ndi chitatuwo, tikiti ya miyendo isanu ndi iwiri ikanamulipira K400,000 kugawa ndi 1.60, yomwe ndi K250,000, Lamlungu madzulo, popanda kugunda mtima. Waonjezera masewero omwe sanafune n'komwe kuwadikira, ndipo kuonjezerako kwamudyera K35,000. Munthu amene amadziwa mumtima mwake kuti ikafika pa mwendo womaliza amadina nthawi zonse, akulipira kampani chifukwa cha mwendo womwe sakuugwiritsa ntchito. Tikiti yaifupi ingamuchitire bwino.

Pamwamba pa izi pali bonasi. Makampani ena amaonjezera ndalama pa tikiti yayitali ikalowa yonse, ndipo nambala yaikulu yomwe imakopa wobetcha imakhala itaphatikiza bonasiyo. Kawirikawiri malamulo awo amati yemwe wagulitsa tikiti msanga bonasi sailandira, kapena siiwerengedwa pa mtengo wa kashiauti. Ndi mzere umodzi m'malamulo aatali omwe ndi ochepa amawerenga, koma pa tikiti ya miyendo khumi ndi isanu mzerewo ukhoza kukhala gawo lalikulu la ndalama.

Kampani ilinso ndi mphamvu pa nthawi. Batani si ufulu wa wobetcha, ndipo malamulo a makampani ambiri amanena poyera kuti akhoza kulichotsa nthawi iliyonse. Penate ikaperekedwa, khadi yofiira ikatuluka, woimbira akathamangira ku VAR, msika umatsekedwa ndipo pa foni pamalembedwa Suspended. Imeneyo ndiyo nthawi yomwe munthu amalifunitsitsa batanilo. Likatseguka, nambala yasintha. Ngakhale lili lotseguka, pamakhala masekondi angapo pakati pa kudina ndi kuvomerezedwa, ndipo mtengo ukasuntha mkati mwa masekondiwo malonda amakanidwa. Makampani amagula uthenga wochokera kwa anthu omwe ali m'bwalo momwemo, womwe umafika msanga kuposa chithunzi cha pa kanema, makamaka kwa woonera mpira pa foni pomwe chithunzi chimatha kuchedwa kwambiri. Wobetcha akamaona kona ikumenyedwa, kampani ikhoza kukhala ikudziwa kale kuti mpirawo walowa.

Phindu lina la kampani silili m'masamu a tikiti imodzi. Ndalama ya kashiauti siipita ku Mpamba kapena ku Airtel Money yokha. Imagwera mu akaunti ya kubetcha, mpira wina ukuyamba pakangopita mphindi zochepa, munthu magazi akadali otentha. Mu 2017 Hibai Lopez-Gonzalez ndi Mark Griffiths, ofufuza za juga pa yunivesite ya Nottingham Trent ku Britain, analemba kuti batanili likusintha kubetcha mpira kuchoka pa chinthu chomwe munthu amachita kamodzi n'kudikira, kukhala masewera osadukiza omwe ndalama imatuluka ndi kubwerera kangapo masana amodzi. Kafukufuku wina wa Daniel Bennett ndi anzake ku Australia, wofalitsidwa mu 2024, anapeza kuti anthu akadziwa kuti pali mwayi wogulitsa beti pambuyo pake, amaika ndalama zambiri poyambirira. Khomo lothawira limalimbitsa mtima wolowa. Ndipo ndalama ikazungulira katatu m'malo mwa kamodzi, kampani yadya katatu.

Chifukwa chake chala chimayabwa

Anthu sadina chifukwa cha umbuli. Mu 1979 Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anaonetsa kuti munthu akapatsidwa kusankha pakati pa phindu lotsimikizika ndi phindu lokulirapo lomwe lili ndi chikayiko, ambiri amasankha lotsimikizika ngakhale masamu akunena kuti linalo ndi labwino. Kuluza ndalama yomwe munthu waiona kale pa foni kumapweteka kuposa kukoma kwa kuonjezera ina. Batani limagwira ntchito pa chibadwa chimenechi: likangoonetsa K20,500, mtima umaiwerenga ngati yake kale, ndipo mphindi 30 zotsalazo zimasanduka mphindi zoopa kuberedwa.

Ndipo mpira umapereka zifukwa zoopera. Pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé, Gabadinho Mhango anaombera mpira ali kutali kwambiri pa mphindi ya 7, Flames n'kutsogola pa Morocco mu ndime ya matimu 16 ya AFCON. Aliyense yemwe anabetcha kuti Malawi ipambana anali ndi tikiti yomwe mtengo wake unakwera mwadzidzidzi. Youssef En-Nesyri anabweza chigolicho atatsala pang'ono kukapuma, Achraf Hakimi anamaliza ndi frikiki m'chigawo chachiwiri, ndipo zinathera 2-1. Yemwe anagulitsa tikiti pa 1-0 anaseka usiku umenewo, yemwe anadikira analira kawiri.

Nkhani ya Yaoundé imati dina, ya Leicester imati dikira, ndipo palibe mwa izo yomwe ikutsimikiza kanthu. Masewero amodzi sauza munthu ngati mtengo unali wabwino. Kampani siwerengera usiku umodzi, imawerengera matikiti zikwizikwi, ndipo pa matikiti onsewo imasangalala kulipira K20,500 pa chinthu cha K22,300, ngakhale pa 38 mwa 100 aliwonse ikulipira munthu yemwe tikiti yake ikanapsa. Obetcha amakumbukira tsiku lomwe batani linawapulumutsa ndipo amalisimba kwa miyezi. Ndalama zing'onozing'ono zomwe anasiya m'masiku ena onse palibe amene amaziwonkhetsa.

Pomwe kudina kuli kwanzeru

Komabe kunena kuti munthu asamadine konse ndi kulankhula ngati ndalama zonse n'zofanana kwa aliyense. Masamu a “pa anthu 100” amathandiza yemwe adzakumane ndi mwayi wotere kambirimbiri, moti kuluza kwa lero kudzabwezedwa ndi kupambana kwa mawa. Tikiti ya K36,000 kwa munthu wobetcha sabata iliyonse ili m'gulu limeneli, ndipo iye akamadina nthawi zonse akungokulitsa msonkho womwe amapereka ku kampani. Koma tikiti ya K400,000 kwa munthu yemwe amapeza K90,000 pa mwezi ndi nkhani ina. Mwayi umenewo mwina sudzabweranso. K215,000 ya m'manja ndi fizi ya mwana, lendi ya miyezi ingapo kapena mpamba wa bizinesi, pomwe kudikira kuli ndi mwayi wa 41 pa 100 wotsala wopanda kanthu. K200,000 yoyamba imasintha moyo wake kuposa mmene K200,000 yachiwiri ingachitire. Kulipira K21,000 kuti achotse chiopsezo chimenecho ndi zomwe munthu amachita akamagula inshuwalansi: amadziwa kuti kampani ipindula, koma akugula mtendere pa chinthu chomwe sangakwanitse kuluza.

Muyeso womwewu ndi woyenera bambo wa Leicester uja. Mapaundi 72,000 pa 250,000 ndi pafupifupi 29 pa 100, kutanthauza kuti kampani inagula tikitiyo ngati kuti timu yotsogola ndi mapointi atatu inali ndi mwayi wosakwana gawo limodzi mwa atatu. Aliyense amene ankakhulupirira kuti mwayi wa Leicester unali woposa pamenepo akanati mtengowo ndi wotsika. Koma kwa munthu wamba, ndalama yotere pa mapaundi 50 ndi ya kamodzi pa moyo, ndipo masewero khumi ndi ambiri. Anagulitsa motchipa, koma sizikutanthauza kuti anachita zopusa.

Apa mpamenenso batani limaposa njira yodzitchinjiriza ndi beti yotsutsana. Pa tikiti ya K400,000 ija, kubetcha mbali ina pa 2.30 kungasiye munthu ndi K226,000 yotsimikizika, K11,000 kuposa ya batani. Koma kuti atero ayenera kukhala ndi K174,000 yoti aike Lolemba lomwelo. Munthu wobetcha K1,000 nthawi zambiri alibe ndalama imeneyo, ndipo kukatenga katapila kuti atchinjirize beti ndi kudzikumbira dzenje lina: akalakwitsa msika, kapena masewero akaimitsidwa malamulo a makampani awiriwo n'kusiyana, ngongole imatsala. Kashiauti siifuna mpamba. Gawo la zomwe kampani ikudula ndi mtengo wa mwayi umenewo.

Makampani ena amalola kugulitsa gawo la tikiti, lomwe pa foni limalembedwa Partial Cash Out. M'nyengo yomweyo ya Leicester, wotsatira timuyi wina anali ndi tikiti ya mapaundi 5 ku William Hill. Kutatsala masabata angapo anagulitsa mapaundi 2 a tikitiyo pa mapaundi 5,600, n'kusiya mapaundi 3 omwe anamubweretsera 15,000. Njira iyi ili ndi nzeru yake: kampani imadula pa gawo logulitsidwa lokha. Munthu amene akufunika K100,000 ya fizi sakuyenera kulipira inshuwalansi ya tikiti yonse. Akhoza kugulitsa gawo lokwana fiziyo, lotsalalo n'kuyenda mpaka wezulo womaliza.

Mpata wina ndi pomwe wobetcha akudziwa chinthu chomwe mtengo sunachiwerengere. Zimachitika, koma mwa apo ndi apo, ndipo pafupifupi sizichitika pa Premier League kapena Champions League pomwe maodzi amasuntha m'masekondi. M'maligi ang'onoang'ono, munthu yemwe wamva msanga kuti goloboyi wodalirika sasewera akhoza kupeza batani lisanatsike. “Ndikuona ngati achinyidwa” si chidziwitso. Mantha amenewo aliyense woonera ali nawo, ndipo kampani yawaika kale mu mtengo.

Pali zina zing'onozing'ono. Yemwe wadina timu yolakwika kapena waonjezera ziro mwangozi angachite bwino kugulitsa nthawi yomweyo n'kuluza K500 kusiyana n'kusunga beti yomwe sanaifune. Yemwe ndalama yake yamangika pa beti ya nyengo yonse pomwe kunyumba kwagwa vuto lofuna ndalama lero, safunika masamu ambiri. Ndipo nthawi zina, chifukwa cha kukopa makasitomala kapena kuchedwa kusintha maodzi, nambala ya batani imafanana kapena kuposa yomwe beti yotsutsana ingapereke. Amene amawerengera ndi amene amaziona.

Kudina komwe kuli kovuta kukuikira kumbuyo ndi kwa tikiti yomwe ikufa. Alendo aja achinyidwa ziwiri, odzi yawo yakwera kufika 15.00, ndipo batani likuonetsa K1,500 pa K10,000 ija. Mtima umati bola kupulumutsako kenakake. Koma makampani amadula kwambiri pa maodzi aataliatali, ndipo apa nambala zing'onozing'ono zimabisa kudula kwakukulu. Ngati mwayi weniweni wa alendowo ndi 1 pa 18, tikitiyo ndi ya K2,000, ndipo yemwe watenga K1,500 wasiya gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wake, kuposa kutali 8 pa 100 ya poyamba ija. Chifukwa cha inshuwalansi sichigwiranso ntchito pano, popeza K1,500 siilipira fizi ya aliyense. Kawirikawiri imangokhala mu akaunti kwa mphindi zochepa, kenako n'kuikidwa pa masewero a 9 koloko usiku kuti ikabweze K8,500 yomwe yapita.